"Ine" wa m'buku la William Kamkwamba: tim'khulupirire mpaka pati?

Mwezi watha ndinali kumudzi, chakufupi ndi Nsaru, komwe timamanga chiliza cha agogo. Msuweni wanga wina, amene ndinamubwereka buku la The Boy Who Harnessed the Wind kalekale, anandibwezera bukulo ali chikwinyire nkhope. Sanalimalize n'komwe. Anapinda tsamba chakumayambiriro, ndipo pondipatsa anati, "Asuweni, buku lanuli ndi labodza. Munthu wa ku Kasungu konkuno angaike Gule pamodzi ndi afiti? Walembera azungu ameneyu."

Ine ndinayamba kuikira kumbuyo bukulo nthawi yomweyo. Ndinati William Kamkwamba si munthu wabodza, makina ake a mphepo anthu anakawaona ndi maso ku Wimbe, ndipo nkhani yake inatuluka mu Daily Times mu 2006 buku lisanalembedwe. Tinakangana mpaka nsima kuzizira. Koma pobwerera ku tauni, ndili m'minibasi, ndinazindikira kuti tonse awiri timaphonya. Iye amati bukulo ndi labodza, ine ndimati ndi loona, pamene funso lenileni linali lina: amene akulankhula m'bukumu ndani, waima pati, ndipo kuchokera pamene waimapo akutha kuona chiyani?

Amene munalemba mayeso a Chichewa ku sekondale mukukumbukira mawu akuti mfotokozankhani. Ambiri tinangowaloweza basi. Mu Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, mfotokozankhani ali kunja kwa nkhani. Amatiuza za Nthondo kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, koma iye mwini sadya nawo nsima m'nkhanimo. Agogo poimba nthano amachitanso chimodzimodzi. Akati "Padangokhala," ife "Tilitonse," palibe amene amafunsa kuti agogo munali kuti pamene Kalulu amapusitsa Fisi. Zimasintha nkhani ikayamba ndi "ine". Pamenepo wotiuza nkhaniyo ali m'kati mwake. Ali ndi maso awiri okha, ali ndi zaka zake, ali ndi anthu amene amawakonda ndi ena amene amawaopa. Zimene sanaone anachita kumva. Zimene zimamuchititsa manyazi akhoza kuzilambalala. Ubwino wake ndi wakuti amatifikitsa pafupi kwambiri, paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma wamva m'mimbayo sadziwa zonse zimene zikuchitika panja pa chitsekocho.

Buku la Kamkwamba linatuluka mu 2009, ndipo lonse ndi la "ine". Tiyeni tione nkhani ya chingamu, imene ili koyambirira kwenikweni.

William ali ndi zaka 6. Anyamata oweta ng'ombe atola thumba la chingamu pamsewu, amugawirako, iye watafuna mosangalala. Kenako pabwera wamalonda amene thumbalo linagwa panjinga yake, n'kunena kuti wapita kale kwa sing'anga, ndipo aliyense amene wadyako aona zakuda. Mwana uja mantha amugwira, akuyesa kulavula, akuona ngati mankhwala ayamba kale kugwira ntchito m'thupi mwake. Pomaliza akaulula kwa bambo ake. Bambowo ayenda wapansi kukapeza wamalonda uja, alipira K20, ndipo pobwera amuuza mwanayo kuti apulumukira mkamwa mwa mbuzi, uku akuseka.

Kusekako ndiye pagona nkhani. Mwana wa zaka 6 akukhulupirira kuti bambo ake amuwombola ku imfa. Ife owerenga tikamva kuti bambo akuseka, tikudziwa china chimene mwanayo sakudziwa: bambowo sanaope sing'anga ayi, anangolipira katundu wa mwini wake kuti mtima wa mwana ukhale pansi. Ndiye kuti pa tsamba limodzi pali a William awiri. Pali wamng'ono amene zikumuchitikira, palinso wamkulu, wa zaka zopitirira 20, amene akukumbukira. Wamkuluyo wasankha kutilowetsa m'mantha a wamng'ono osawachepetsa, koma watisiyira kuseka kwa bambo kuti tisasochere. Mukawerenga mothamanga, monga timachitira pa foni, mungatuluke mukuganiza kuti bukulo likuti sing'anga anatsala pang'ono kupha mwana. Silikutero. Amene akutero ndi mwanayo.

Mpaka pano n'zosavuta. Koma pitirirani pang'ono mufike pa mangolomera.

William akufotokoza za wantchito wina wa pamunda amene anatemera mangolomera, munthu wamphamvu zoopsa, woti akapsa mtima sagwirika mpaka atamuthira mankhwala a kholowa kuti mphamvuzo zizizire. Kenako William mwini, atatopa ndi kuvutitsidwa ndi anyamata akuluakulu, apita kwa mnyamata wina amene amadzitcha sing'anga. Amutema m'nkhonya ndi lezala, amupaka mankhwala, amuuza zoti asale. Patapita masiku apita ku Dowa, aputa dala mnyamata womuposa msinkhu kuti ayese mphamvu zake zatsopano, ndipo amenyedwa koopsa. Pokadandaula, sing'anga wachinyamata uja amuuza kuti analakwira yekha chizimba, chizimba choti sanamuuze n'kale lomwe.

Ndimaseka nthawi zonse ndikafika apa, chifukwa kwathu kulibe mnyamata amene sanamvepo za mangolomera, ndipo ena a ife tili ndi timphini tathu tomwe sitifotokoza. Koma taonani chimene mfotokozankhani akuchita. Pa nkhani ya iye mwini, akuvomera kuti anapusitsidwa. Pa nkhani ya wantchito uja, akufotokoza mphamvuzo ngati zinthu zoti zinachitikadi, popanda kuseka kwa bambo kotichenjeza. Mutu woyambawo umayamba ndi kugawa moyo wake pawiri, nthawi ya matsenga ndi nthawi ya sayansi, ngati kuti yoyambayo inatha yachiwiri itabwera. Koma nkhani zimene akutiuza sizikugawika bwino chonchi. Chimene William anaphunzira ku Dowa n'chakuti mnyamata uja anali tambwali. Sizikutanthauza kuti anasiya kukhulupirira kuti mangolomera enieni aliko.

Apa ndi pamene ndimati mfotokozankhani wayamba kusadalirika, ndipo sindikunyoza. Zimene akunena za iye mwini ndi zimene nkhani zake zikuonetsa zasiyana pang'ono. Akuti ndinachoka uko ndabwera kuno, koma phazi limodzi likadali uko. Kwa ine zimenezi zimalikometsa bukulo, chifukwa ndi mmene tilili ambiri. Ndikudziwa anthu a madigiri awo amene sangalole kuti tsitsi lawo litsale pansi kometera. Munthu akamadzifotokoza amakonda kujambula mzere woongoka, pamene moyo wake unayenda mokhotakhota. Wowerenga watcheru amaona zonse ziwiri, mzerewo ndi mapazi.

Pali mtundu wina wa kusadalirika umene ndi wosavuta kuugwira, koma timauiwala chifukwa nkhaniyo imakoma. William akutiuza za bambo ake ali mnyamata, akuchita malonda ku Dowa, munthu wamphamvu ndi wokonda mowa asanatembenuke mtima. Tsiku lina pa chikondwerero cha ufulu, Robert Fumulani akuimba, bambowo akanizidwa kulowa, ndipo alimbana ndi apolisi 12 n'kuwagonjetsa. Nkhani yokoma zedi. Koma dzifunseni: William anali kuti tsiku limenelo? Anali asanabadwe. Iye ndi wa mu 1987. Nkhaniyi inamufika itadutsa m'kamwa mwa anthu kwa zaka zambiri, ndipo tonse tikudziwa mmene nkhani za ndewu zimakulira. Amene anamenya anthu atatu pa Nsaru Loweruka, pofika Lolemba ku Kabudula amakhala atamenya asanu ndi awiri, wina atathyoka nthiti. Sindikuti apolisiwo sanali 12. Ndikuti "ine" amene akutiuza si mboni, ndi mwana wonyadira bambo ake, ndipo nambalayo tiyenera kuigwira monga timagwirira nkhani za pamaliro zotamanda malemu. Chimene ndimeyi ikutiuza motsimikizika ndi kukula kwa bamboyo m'maso mwa mwana wake. Zimenezo n'zofunika patsogolo, chifukwa njala ya 2001 ndi 2002 ikafika, tikuona chimphona chomwechi chikulephera kupeza chakudya cha ana ake ndi fizi ya William. Popanda apolisi 12 aja, kugwa kwakeko sikukanatipweteka chonchi.

Mawu akuti mfotokozankhani wosadalirika anatchuka ndi Wayne Booth, wa ku America, m'buku lake la mu 1961 lotchedwa The Rhetoric of Fiction. Iye amanena makamaka za nkhani zopeka, momwe mlembi amapanga dala munthu woti azitiuza nkhani molakwika, mlembiyo ali kumbuyo kwake akutitsinzinira diso. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Mongo Beti wa ku Cameroon, m'buku la mu 1956 limene m'Chingerezi limatchedwa The Poor Christ of Bomba. Wotiuza nkhani ndi Denis, mnyamata wotumikira wansembe wachizungu, Bambo Drumont. Denis amawakonda abambowo ndi mtima wonse. Anthu akamathawa tchalitchi, iye amati ndi ouma mitima. Pa mishoni pali nyumba yosungiramo atsikana oyembekezera ukwati, ndipo Denis amatiuza tinthu tambiri ta m'nyumbamo osazindikira kuti akufotokoza malo amene atsikanawo akugwiritsidwa ntchito yakalavulagaga ndi kugwiriridwa. Denis sanama ngakhale pamodzi. Amanena zoona zokhazokha, koma samva tanthauzo lake. Mlembi ndi ife timamvana pamwamba pa mutu wake.

Buku la Kamkwamba si lopeka, ndiye palibe mlembi wobisala amene akumuseka William. Pa chingamu paja, wotsinzina diso ndi William wamkulu. Pa mangolomera palibe akutsinzina, mpatawo taupeza tokha. N'chifukwa chake mbiri ya munthu yolemba mwini wake imafuna kusamala kuposa nkhani yopeka. M'nkhani yopeka misampha anaitchera dala, ndipo mlembi wabwino amasiya zizindikiro. Mu mbiri, mwini wake sadziwa pamene maso ake akuthera.

Tsopano ndibwere kwa msuweni wanga, chifukwa pali pamene analasa.

Pachikuto cha bukuli pali maina awiri: William Kamkwamba ndi Bryan Mealer. Mealer ndi mtolankhani wa ku America amene anagwirapo ntchito ku Congo. Mukafuna kumvetsa chimene izi zikutanthauza, sakani kanema wa William akulankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Ndi mnyamata wamanyazi, Chingerezi chikuchita kusakidwa liwu limodzilimodzi. Patangopita zaka ziwiri, buku likutuluka m'Chingerezi chosalala, chodziwa pomwe nthabwala igwere ndi pomwe mutu uthere. Palibe chachinyengo apa, dzina la Mealer analilemba poyera. Koma "ine" amene tikumumva ndi wopangidwa ndi anthu awiri. Zokumbukira ndi za William, pamene kasanjidwe ka ziganizo, ndipo mwina kusankha kuti ichi chilowe ichi chitsale, kanadutsa m'manja mwa mlendo. Moyo umene unachitika m'Chichewa tikuuwerenga utavala Chingerezi.

Mukhoza kuumva msoko wake. Pofotokoza za njala, pali ndime zimene mnyamata wa zaka 14 akutiuza zimene anaona: ulendo wa panjinga kukagula chimanga ku ADMARC ya ku Chamama, mzere wautali, kukankhana, gaga amene kale anali wa ziweto akusanduka chakudya cha anthu. Pomwepo palinso ndime zofotokoza za chimanga cha m'nkhokwe za boma chimene chinagulitsidwa, za mabungwe obwereketsa ndalama, za ndale za nthawi ya a Bakili Muluzi. Zimenezi mwana amene wangosiya sukulu ku Kachokolo sakanazidziwa mwatsatanetsatane chotero pa nthawiyo. Zinabwera pambuyo, kuchokera m'manyuzi ndi m'kufufuza, koma zonse zikutuluka pakamwa pamodzi pa "ine". Ndikamawerenga ndimazilekanitsa. Za pamzere wa ku Chamama ndimazitenga ngati umboni wa munthu amene analipo. Za nkhokwe za boma ndimazitenga ngati lipoti, loti ndikhoza kukaliyerekeza ndi malipoti ena.

Ndiye pali funso limene sitinaphunzitsidwe ku sukulu: kodi "ine" ameneyu akuuza ndani? Munthu safotokoza nkhani m'malere. Mmene mungafotokozere za chibwenzi chanu kwa mnzanu si mmene mungafotokozere kwa ankhoswe. M'bukuli William amaima n'kufotokoza kuti nsima n'chiyani, amaidya bwanji, dambo n'chiyani, ganyu n'chiyani. Inu ndi ine sitifunika kuuzidwa zimenezo. Wouzidwayo ali kutali, sanapondepo kuno. Ndipo munthu wofotokozera mlendo amasankha zimene mlendoyo angadabwe nazo.

Apa ndi pamene Gule Wamkulu akulowera. M'mutu woyamba womwe uja, pakati pa nkhani za afiti ndi ndege zawo za usiku, William akufotokoza za Gule monga chinthu choopsa chimene ankachithawa, zilombo zoti zikapeza mnyamata panjira zimamutenga. Msuweni wanga, amene anakulira m'mudzi woti mfumu ikamalongedwa kapena wamkulu akamwalira Gule amatuluka, anaona ngati atukwanidwa. Kwa iye Gule ndi mwambo, ndi ulemu kwa makolo, ndi sukulu. Ndi chinthu chimene UNESCO inachilemekeza mu 2005, bukuli lisanatuluke. Kuchiika m'thumba limodzi ndi ufiti ndi kulakwa kwakukulu, ndipo pamenepa ndikugwirizana naye.

Pamene ndikusiyana naye ndi pa liwu lakuti bodza. Amene akulankhula m'ndime imeneyo ndi mwana wa m'banja lopemphera, wosalowa, amene amamva ng'oma usiku ali m'nyumba. Mwana wotere amaonadi Gule chonchi. Ine ndemwe ndinakulira m'banja la mpingo, ndipo ndikukumbukira kuthawira m'munda wa chimanga nditangomva kulira kwa chilombo kumsewu, mtima uli phaphapha. Mantha amenewo si opeka. William wanena zoona za mantha ake. Vuto n'lakuti pa chingamu anatipatsa kuseka kwa bambo, pa mangolomera anatipatsa chibakera cha ku Dowa, koma pa Gule sanatipatse chotithandiza kuona kupitirira maso a mwanayo. Wowerenga wa ku Mpingu kapena ku Nambuma adzadzaza yekha mpatawo, chifukwa akudziwa mbali inayo. Wowerenga wa ku Texas alibe chodzazira. Adzatseka buku akuganiza kuti wamva za Gule Wamkulu, pamene wangomva za mwana woopa Gule Wamkulu. Ngati pali pamene ndingalidzudzule bukuli, ndi pamenepa, ndipo mlandu wake ndimaupereka kwa akuluakulu awiri amene analemba, osati kwa mwana amene ankathawa.

Izi timazidziwa kale, kungoti sitizitengera ku mabuku. Pabwalo la mfumu palibe amene amagamula mlandu wodandaula atangomaliza kulankhula, ngakhale alire chotani. Amati timve mbali inayo. Koma pa foni timaiwala. Mwaonapo zija za pa Facebook zoyamba ndi "ndine mtsikana wa zaka zakuti, mundibisire dzina," kenako nkhani ya mwamuna woipa kapena apongozi ankhanza. Pasanathe ola anthu mazana agamula kale. Palibe wofunsa kuti nanga pakati pa Lachiwiri ndi Lachisanu, pamene nkhaniyo yadumpha, panachitika chiyani. Wolembayo mwina sananame. Wangoyambira nkhani pamene iye analakwiridwa, osati pamene iye analakwa. Nkhani ya "ine" imaonekera bwino poyang'ana pamene yayambira ndi pamene yathamangira.

N'chifukwa chake ndime ya Khamba ndimaiwerenga mobwereza. Khamba ndi galu wa William. Koyambirira William akuchita ngati samusamala, akufotokozera mlendo wake uja kuti kuno agalu sitiwatenga ngati ana monga amachitira kunja. Koma akupita naye kosaka mbalame, akumupatsa chakudya, akumudikira. Pakamwa pakunena china, manja akuchita china, ndipo wowerenga amakhulupirira manja. Njala itafika povuta, Khamba waonda mpaka nthiti kuwerengeka, palibe chomupatsa. William ndi msuweni wake amutengera kutchire, amumangirira kumtengo, n'kumusiya. Pobwerera amupeza atafa pomwepo. Amukwirira, ndipo William akuti nkhaniyi anaisunga mumtima osauza anthu mpaka pamene amalemba bukuli.

Mfotokozankhani wofuna kudziyeretsa akanangoti galu wanga anafa ndi njala. Sichikanakhala bodza, ndipo palibe akanamutsutsa. Iye wasankha kunena chinthu chomuipitsa, choti palibe anamufunsa. Ine munthu akandiuza chotere, ndimayamba kumukhulupirira pa zinanso. Komabe onani mmene nkhaniyo yayalidwira: maganizo omusiya galuyo akuchokera kwa msuweni, William akungovomera mtima ukukana. Mwina zinalidi choncho. Koma msuweniyo sanalembe buku lake, ndipo tikumumva kudzera mwa munthu amene wakhala ndi chisoni chimenechi zaka zambiri. Ngakhale poulula tchimo, munthu amadzisiyira kampata kopumira. Sindimuda nazo. Ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi, mwinanso kuposa.

Amene munaonera filimu ya Chiwetel Ejiofor ya mu 2019 osawerenga buku, dziwani kuti munalandira nkhani ina. Kamera ilibe "ine". Imaonetsa zinthu ngati kuti zikuchitika zokha, popanda wozikumbukira. Mufilimu Khamba amangofa ndi njala. Makina a mphepo amapopa madzi n'kupulumutsa mudzi njala ili m'kati. M'buku makina oyamba anayatsa babu, ndipo anamangidwa njala itayamba kale kutha, anthu atadya dowe. Zopopa madzi zinabwera patapita zaka, thandizo litapezeka. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri amakhulupirira filimu kuposa buku, poti "ndinaona ndi maso". Pamene bukulo, ndi "ine" wake woperewerayo, limakuuzani poyera kuti uyu ndi munthu mmodzi akukumbukira, ndipo mukhoza kumufunsa mafunso.

Ndisanatseke, ndiulule kanthu. Nkhani ya mkangano wathu ku Nsaru mwaimva kwa ine. Ndakuuzani kuti msuweni wanga sanamalize buku, ndakuuzani za nkhope yake yokwinya, ndipo ndadzipatsa ndekha nzeru zobwera m'minibasi. Chimene ndinadumpha n'chakuti mkanganowo unakula chifukwa cha ine. Iye atatchula za Gule, ndinayankha kuti anthu ena amaopa mabuku chifukwa amawaulula. Ndinanena pamaso pa akuluakulu, ndipo malume anachita kutiletsa. Mawu amenewo anali achipongwe, ndipo anachokera kwa mwana yemwe uja wothawira m'chimanga, amene mpaka lero amaganiza kuti mbali yake ndiyo yophunzira.

Ndamutumizira zimene ndalembazi pa WhatsApp ndisanaziike pano. Wayankha kuti chiliza tinamanga Loweruka osati Lamulungu monga ndinalembera poyamba, ndakonza pochotsa tsikulo. Watinso nkhope sanakwinye, dzino limamuwawa. Za Gule wati tikakambirane pamaso, si za pa foni. Bukulo akuti ndikapite nalonso, akufuna aone za galuyo.